Matumba atatu a simenti ndi chikombole chobwereka

Chaka chimene tinasamuka ku Manje ndinali ndikugwira ntchito pasitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe. Ntchito yanga inali kukhala pakhomo la nyumba yosungira katundu, kulandira pepala la kasitomala, kuona kuti chimene chikutuluka ndi chimene chalembedwa, ndi kusaina. Malata, mawaya, penti, simenti, zonse zimadutsa pamphuno panga. Ndinali nditagwira ntchito imeneyi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo palibe tsiku limene ndinaitanidwa mu ofesi chifukwa cha mlandu.

Ku Manje tinkachita lendi, m'munsi mwa phiri. Namondwe wa Freddy atabwera, nyumba yathu sinagwe, koma khoma la zidina la anansi athu linagwera mkati, ndipo mkazi wanga anali m'gulu la amayi amene anakumba ndi manja kufunafuna ana. Iye kwawo ndi ku Nsanje, madzi osefukira anawadziwa ali mwana, koma za ku Manje sanazikambepo kawiri. Anangoti sagonanso pansi pa phiri lija. Mlamu wanga anali ndi kanyumba ka zipinda ziwiri ku Machinjiri, pambali pa msewu wafumbi, kali ndi bwalo lalikulu losamangidwa, ndipo anatilola kukhalamo kuti tizimuyang'anira malo.

Tinali ndi ndalama kubanki. Sizinali zambiri, koma tinazisonkhanitsa pang'onopang'ono kuyambira mwana wathu woyamba asanabadwe, kuti tidzagule puloti. Chaka chimenecho zinthu zinkakwera mtengo mwezi ndi mwezi, ndipo ndinkaona kuti ndalama zija zikusungunuka zili chikhalire. Puloti imene tinkaiyang'ana inali kutalikira. Ndinkaopa kuzisiya kubanki, ndinkaopanso kuzikhudza.

Kuntchito ndinkaona simenti ikutuluka ngati ufa. Anthu ambiri ankanena kuti zidina ndi njerwa zosapsa bwino basi, tsopano akufuna mabuloko. Ndiye tsiku lina Loweruka masana, titaweruka, ndinakwera minibasi kupita ku Ndirande kwa munthu wina wowotcherera zitsulo amene ankapanga makina oumbira mabuloko. Anandionetsa amodzi amene anali atatha kale, opakidwa penti yobiriwira, a mota wamagetsi, otulutsa mabuloko anayi nthawi imodzi. Mtengo wake unali pafupifupi ndalama zathu zonse. Anati pali anthu awiri amene akuwafuna, ndikachedwa ndidzawapeza atapita.

Ndinafika kunyumba mutu uli wotentha. Ndinamuuza mkazi wanga kuti kutchalitchi ndafunsa kale abambo angapo, onse anena kuti akagula kwa ine.

"Anena kuti agula liti?" anafunsa.

"Akayamba kumanga."

"Alipo amene wakupatsani ngakhale ya buloko limodzi?"

Ndinati munthu sangalipire chinthu chimene sanachione. Iye anali akusankha nyemba m'lichero, ndipo sanatukule mutu.

"Abambo, ine mabuloko sindiwadziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti nyumba ino si yathu. Achimwene akadzati tulukani, ndalama zija ndi zokhazo zimene tingagwire. Mukazisandutsa chitsulo, ine nditenga ana ndipita kwa amayi."

Sanakweze mawu, ndipo n'chifukwa chake ndinachita mantha. Tinakhala masiku atatu tikungolankhulana za mchere ndi sopo. Tsiku lachinayi iye ndi amene anayambitsanso nkhaniyo. Anati ngati ndikufunadi, ndiyese ndi ndalama ya malipiro a mwezi umenewo, osati ya kubanki. Ndiumbe pang'ono, ndiike pamsewu, tione ngati pali amene aime ndi kutulutsa ndalama m'thumba.

Ndinakumbukira madala ena a ku Chilomoni, mmisiri womanga nyumba amene ankabwera kusitolo kwathu kudzagula zinthu. Anali atakalamba, msana utawavuta, ndipo anali ndi chikombole chachitsulo choumbira buloko limodzi pa nthawi, chimene ankabwereketsa polipira pang'ono pa tsiku. Ndinapita kwawo Lamulungu titatuluka m'Misa. Anandiyang'ana manja n'kuseka.

"Manja a bolopeni awa. Mudzalira, bambo."

Koma anandiphunzitsa. Anati mchenga ukhale wa kumtsinje, wokhakhala, wopanda dothi, ndipo ndikapeza fumbi la miyala ya kwale ndisakanize. Ndiyambe kusakaniza simenti ndi mchenga zili zouma mpaka mtundu ufanane, kenako ndithire madzi pang'onopang'ono. Zosakanizazo zisakhale phala: ukafumbata m'manja zigwirane, koma madzi asadonthe. Ukathira m'chikombole, usinje mwamphamvu, uwonjezere, usinjenso. Pa thumba limodzi, iwo amatulutsa mabuloko makumi atatu ndi angapo, osapitirira.

"Mudzamva ena akutulutsa makumi asanu, makumi asanu ndi limodzi," anatero. "Amenewo akuumba mabisiketi. Ndipo chachikulu si kuumba ayi. Ndi madzi. Buloko limamwa madzi m'mawa ndi madzulo, sabata yathunthu osadumphitsa, lili lofunditsidwa. Likauma msanga ndiye kuti lafa, ngakhale likuoneka bwino. Musalipereke kwa munthu lisanathe masabata atatu."

Simenti sindinagule kusitolo kwathu, ngakhale antchito amatichotserako mtengo. Chaka chapitacho mnzathu wina anachotsedwa ntchito matumba atasowa, chifukwa chakuti anthu anamuona akumanga khitchini kwawo. Palibe amene anatsimikiza kuti anaba. Ine ndinali munthu amene amasaina simenti ikamatuluka, ndipo ndinkadziwa kuti tsiku limene akapitawo athu adzamve kuti ndikuumba mabuloko, funso loyamba lidzakhala lomwelo. Choncho ndinagula matumba atatu pakasitolo ka ku Machinjiri komweko, pamtengo wokwera, ndipo ndinaumirira kuti andilembere risiti yokhala ndi chidindo. Wogulitsayo anadabwa. Risitiyo ndinaiika m'jumbo pamodzi ndi makadi a ubatizo a ana.

Ndinaumba Loweruka masana ndi Lamulungu masana. Mabuloko khumi oyamba anaphwanyika pochotsa chikombole, ndinawabwezera pa mulu. Pofika madzulo a Lamulungu m'manja munali matuza, simenti itadya khungu pakati pa zala, ndipo Lolemba kuntchito ndinkagwira bolopeni ngati mwana wa sitandade wani. Akapitawo anaona, anafunsa. Ndinati ndimalima kumunda wa mlamu. Linali bodza langa loyamba kwa iwo.

Mkazi wanga ndi amene ankathirira m'mawa ine nditapita, ine ndinkathirira madzulo. Atakwana masabata atatu ndinawasanja pambali pa msewu, pafupifupi zana limodzi, ndipo pa chidutswa cha katoni ndinalemba kuti mabuloko alipo, timaumbanso pa oda. Nambala ya foni ndinalemba ya mkazi wanga, kuti wina wa kuntchito akadutsa asazindikire.

Anthu ankaima. Ena ankamenya buloko ndi nsapato, ena ankalinyamula n'kuligwetsa, silinkasweka, ndipo ankagwedeza mutu kuyamikira. Akamva mtengo ankati ndadula, kutsidya kwa mlatho akugulitsa motsika. Ndinapita kukaona a kutsidyawo. Ukakanda ndi chikhadabo mchenga unkayoyoka. Koma malole ankaima kumeneko, osati kwathu. Abambo a kutchalitchi aja, ndikawakumbutsa, wina ankati akudikira malipiro, wina ankati fizi yawapanikiza, wina anayamba kutulukira khomo lina. Masabata anayi anatha titagulitsa mabuloko khumi ndi awiri, kwa munthu amene ankafuna kukweza thanki yake.

Panalibe usiku umene sindinaganize za makina aja. Ndinkadziuza kuti anthu sakugula chifukwa mulu ndi wochepa, munthu womanga nyumba sangaime pa mabuloko zana. Koma ndikayang'ana mulu uja, fumbi la galimoto likuuphimba, maganizo amenewo ankatha. Ndinkaganiza kuti ndikanakhala nditagula makina, bwenzi mulu uli waukulu kakhumi, kubanki kulibe kanthu.

Kenako kunabwera amayi ena achikulire. Ankagulitsa makala ndi mafuta ophikira pamsika wa pafupi, ndipo ankalera zidzukulu zitatu za mwana wawo amene anamwalira. Ankafuna kuwonjezera chipinda chimodzi kunyumba kwawo, chifukwa mdzukulu wamkulu anali atakula, sakanagonanso ndi alongo ake. Ananyamula buloko, analigogoda ndi kiyi, anamvetsera.

"Awa ndi enieni," anatero. "Ndikufuna mazana atatu. Za kutsidya zija sindizifuna, mogona ana."

Ndinawauza kuti alipo osakwana zana, otsalawo ndiumba, koma ayambe apereka theka kuti ndigulire simenti. Ndinkaganiza kuti atembenuka n'kumapita. Anamasula kansalu m'chiuno n'kupereka. Ndinawauza kuti adzatenge pakatha masabata atatu kuchokera tsiku lomaliza kuumba. Anavomera.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinatenganso chikombole kwa madala aja, ndinaumba Loweruka ndi Lamulungu, masabata awiri otsatizana. Gulu loyamba linayenda bwino. Gulu lachiwiri, mabuloko oposa zana, ndinamaliza Lamulungu madzulo. Lolemba m'mawa mpopi unangotulutsa mphepo.

Madzi kusiya ku Machinjiri si nkhani. Tinkaganiza kuti abwera madzulo. Sanabwere Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, mpaka Lachisanu. Tinalibe mgolo, tinali ndi ndowa zinayi zokha. Mkazi wanga ankapita kumjigo kumene mzere unali wautali, n'kubwera ndi ndowa imodzi pakatha maola awiri, ndipo ndowa imeneyo inkafunika kuphikira, kumwa ndi kusambitsa ana. Madzi otsala ankawaza pa masaka amene tinafunditsa mabuloko. Pofika masana masakawo ankakhala atauma gwaa. Ine ndinali ku Limbe, ndikusaina mapepala, mtima uli pabwalo la ku Machinjiri. Ndinaganiza zopempha tchuthi cha tsiku limodzi, koma ndikanati chifukwa chake n'chiyani?

Madzi atabwera Lachisanu madzulo ndinawathira mpaka bwalo linachita matope. Mabuloko aja anali otuwa, oyererako kusiyana ndi anzawo. Ndinadziuza kuti apsa bwino, madzi awapeza mochedwa koma awapeza. Sindinayese ngakhale limodzi. Ndinkaopa chimene ndikanaona.

Lachitatu la sabata yotsatira, cha m'ma teni koloko, foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Kuntchito kwathu saloleza kuyankha foni pakhomo la katundu, ndipo akapitawo anali ataima pambali panga, lole ya malata ikupakira. Inalira kanayi. Nditapeza mpata masana ndinaimba, ndipo mkazi wanga anati amayi aja anabwera ndi kalole. Mmisiri wawo wapeza mpata sabata ino yokha, ndipo mwini kalole anali wachibale amene anawachitira ulere tsiku limenelo.

"Ndinawauza kuti masiku sanakwane," anatero mkazi wanga. "Anati mmisiri wanena kuti palibe vuto. Ndakuimbirani, simunayankhe. Ndalama yotsala apereka. Ndikanawakaniza bwanji katundu wawo?"

"Atenga onse?"

"Asiya asanu othothoka m'mbali."

Nditafika kunyumba, ndisanalowe n'komwe, ndinanyamula limodzi mwa asanu aja kufika m'chiuno n'kulisiya. Linasweka zidutswa zinayi, pakati pake pakuyoyoka ngati chigumu chouma. Lachiwiri chimodzimodzi. Mkazi wanga anaima pakhomo, akuyang'ana zidutswa zija. Sanandinene. Anangolowa m'nyumba, ndipo chakudya cha tsiku limenelo sanadye.

Apa ndi pamene ndimachita manyazi ndikakumbukira. Sindinapite kwa amayi aja tsiku lotsatira, kapena linzake. Ndinkadzipatsa zifukwa. Asanu aja anali othothoka kale. Khoma likapakidwa pulasitala limalimba. Chipinda chimodzi sichilemera, denga ndi la malata. Kutsidya kwa mlatho anthu akumangira zoipa kuposa izi ndipo nyumba zili chiimire. Kunena zoona kunkatanthauza kubweza simenti, kulipira mmisiri kawiri, ndi kuti msika wonse umve kuti bambo wa mabuloko uja amagulitsa zofumbwa, geni isanayambe n'komwe. Kuntchito ndinalakwitsa kawiri kuwerenga malata, chinthu chimene sichinandichitikirepo.

Loweruka m'mawa, ndikumanga nsapato, mkazi wanga anakhala pampando moyang'anana nane.

"Mdzukulu wawo uja ndi msinkhu wa mwana wathu wamkulu," anatero. "Bedi lake adzaliika kukhoma. Ine ndinanyamulapo mwana wochotsedwa pansi pa khoma, abambo. Mukapanda kupita inu, ndipita ine."

Titaweruka masana ndinatsika minibasi pamsika n'kufunsa njira. Nyumba yawo inali kumunsi, pamalo otsetsereka, pamene madzi a mvula amadutsa. Khoma linali litafika pa mawindo. Mmisiri, bambo wamfupi wa chipewa cha nsalu, anali pamwamba pa migolo akuyala mzere wina. Ndinawaona mabuloko otuwa aja nthawi yomweyo. Sanali pamodzi, anali apa ndi apo, ambiri ali kukhoma la kumtunda, ena pansi penipeni. Tiana tiwiri tinkasewera m'kati mwa chipinda chopanda denga, tikuyerekeza pamene padzakhale bedi.

Amayi aja anandilandira mosangalala, anatulutsa mpando. Sindinakhale. Ndinapempha msomali kwa mmisiri, ndinakanda buloko labwino, msomali unangolemba kamzere koyera. Ndinakanda lotuwa, msomali unalowa, mchenga unathothokera pansapato zanga.

"Amayi, mabuloko awa sanamwe madzi mokwanira. Madzi anasiya sabata imene ndinawaumba. Ndinayenera kukuuzani Lachitatu lomwe lija. Sali bwino, asakhale m'khoma."

Mmisiri ndi amene anayamba kuyankha. Anatsika pa migolo n'kunena kuti iye wamangira mabuloko oipa kuposa awa, pulasitala ibisa zonse, ndipo ine ndikufuna kumuonongera ntchito ya masiku atatu. Anafunsa amene amulipire akagwetsa. Ndinati ine. Anafunsa simenti ya matope imene yapita kale. Ndinati ine. Mawu ankatuluka okha, ndipo m'mutu ndinkaona ndalama za kubanki zija zikutseguka.

"Munadziwa Lachitatu?" anafunsa amayi aja.

"Eya, amayi."

"Lero ndi Loweruka."

"Eya."

"Mukanabwera Lachinayi bwenzi tikugwetsa mizere iwiri yokha." Anaitana tiana tija kuti tituluke m'chipindamo. Kenako anauza mmisiri kuti agwetse. Kwa ine anati, "Ndalama sindikufuna kuti mubweze. Ndikufuna mabuloko, mvula isanayambe. Ndipo pano ndidzabwera ndekha kudzaona mukuthirira."

Lolemba ndinapempha ola limodzi masana n'kupita kubanki. Ndinatapa gawo laling'ono, lokwanira simenti, malipiro a mmisiri ndi migolo iwiri yakale ya pulasitiki. Aka kanali koyamba kukhudza ndalama zija, ndipo pamzere ndinkamva ngati ndikuba m'nyumba mwanga momwe. Abwino amene anapulumuka pogwetsa tinawapala matope n'kuwasunga. Otsalawo ndinaumbanso Loweruka lotsatira, migolo ili yodzaza ndisanatsegule thumba ngakhale limodzi.

Ndinkaganiza kuti zoopsa zatha, koma mmisiri uja anali kasitomala wa sitolo yathu. Sindinkamudziwa chifukwa nthawi zambiri ankagula tinthu ta pashelefu, sankafika kumbuyo. Sabata imeneyo anabwera kudzatenga waya wa m'khoma, anafika ndi pepala lake pakhomo langa, ndipo tinayang'anana. Anaseka, n'kunena mokweza, akapitawo ali pomwepo:

"Aa, abwana a mabuloko. Kani simenti mumaitenga kuno?"

Mwina ankangocheza. Mwina anali adakali ndi mkwiyo. Kasitomala atapita, akapitawo anati nditseke pakhomo ndiwatsate. Mu ofesi munali iwo ndi amanijala. Ndinkaganiza za mnzathu uja, mmene anatulukira ndi kajumbo ka nsapato zake za ntchito, ndi mmene tonse tinayang'anira kumbali.

Amanijala anafunsa ngati n'zoona kuti ndikuumba mabuloko. Ndinavomera. Anafunsa kuti ndinayamba liti, ndipo simenti ndimaitenga kuti. Ndinafotokoza zonse, ndinati marisiti ali kunyumba. Akapitawo anati, "Si paja munati matuza aja ndi a khasu?" Ndinati ndinanama chifukwa cha mantha. Amanijala anati munthu amene wanama pa matuza anganamenso pa matumba. Analamula kuti makiyi ndisiye, ndipite kunyumba, ndibwere mawa ndi marisitiwo, iwo awerenga simenti yonse ine kulibe.

Ndinafika kunyumba dzuwa lili pamutu, nthawi imene sindifikapo, ndipo mkazi wanga atangondiona pamsewu anaika pansi ndowa. Tinakhala pakhonde masana onse. Ndinkadziwa kuti sindinabe, koma ndinkadziwanso kuti m'nyumba ya katundu thumba limatha kung'ambika, wina n'kulisesa osalemba, kapena wopakira n'kuwonjezera limodzi mwangozi. Thumba limodzi losowa linali lokwanira. Mkazi wanga anatulutsa jumbo ija, anayala marisiti pa tebulo, n'kuwasita ndi dzanja kuti awongoke.

M'mawa mwake ndinawapereka. Amanijala anawayang'ana limodzilimodzi, anaimbira foni kasitolo ka ku Machinjiri kaja pa nambala ya pa chidindo. Simenti anali atawerenga, inakwana. Anandibwezera makiyi, koma anandilembera kalata ya chenjezo chifukwa chosanena. Anati zimene ndimachita Loweruka masana ndi zanga, koma ndisadzayerekeze kukopa kasitomala wa sitolo ndili pantchito, ndisayankhe mafoni a mabuloko pakhomo la katundu, ndipo kuyambira tsopano simenti ikamatuluka azisaina anthu awiri. Akapitawo sanandikhulupirirenso ngati kale. Mpaka lero, lole ya simenti ikamapakira, amabwera kudzaima pafupi.

Amayi aja anachitadi zimene ananena. Ankatseka benchi yawo m'mawa kwa kanthawi n'kubwera kudzaona mkazi wanga akuthirira, nthawi zina n'kugwira okha ndowa. Anadikira masabata atatu athunthu. Mvula yoyamba inagwa chipinda chili pa mawindo kachiwiri, ndipo anamaliza ndi mmisiri wina. Sanakhale mnzathu, ndipo ndikadutsa pamsika amandiyankha moni mwachidule. Koma anthu awiri amene anabwera pambuyo pake anati anawatuma ndi iwo.

Nditabweza chikombole kwa madala a ku Chilomoni ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera akusenda chinangwa. Anati makina akanandipatsa mabuloko mazana angapo pa tsiku, onse ofuna madzi, ine ndili ku Limbe, mpopi uli wouma, magetsi akuzimazima. Anandifunsa kuti pa miyezi itatu imeneyo ndapeza makasitomala angati olipira. Ndinati awiri. Pamapeto pake anandigulitsa chikombole chomwecho, poti msana sunkawalolanso kuumba.

Ndimaumbabe. Sindiumba popanda oda, ndipo sinditsegula thumba munthu asanapereke theka. Mwezi wina kumabwera oda imodzi, mwezi wina kulibe. Anthu ambiri amapitabe kutsidya kwa mlatho. Phindu lake limagula ndiwo ndi mayunifolomu, ndipo zimene ndinatapa kubanki ndinabweza patatha pafupifupi chaka. Puloti sitinagulebe.

Miyezi ingapo yapitayo kunabwera bambo wina pagalimoto yabwino, akumanga mpanda ku Misesa. Anayesa mabuloko anga, anawakonda, n'kunena kuti akufuna zikwi ziwiri pa masabata atatu. Ndinati ndingakwanitse mazana atatu kapena anayi pamwezi. Anati ndilembe anthu aganyu, ndibwereke makina, iye alipira katundu akafika. Ndinapempha theka. Anati iye salipira chinthu chimene sichinaumbidwe, ndipo munthu woopa chonchi sangalemere. Ndinati mwina n'zoona. Analowa m'galimoto n'kupita.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mkazi wanga ndi amene anadandaula. Anati ndikanamuuza kuti tiyambe ndi mazana asanu, aone, alipire, kenako tipitirize. Maganizo amenewo sanandibwerere bamboyo ali pomwepo. Ndinangomva zikwi ziwiri n'kuchita mantha. Nambala yake sindinatenge. Loweruka lotsatira ndinapita ku Misesa wapansi kuchokera pa siteji, kufunafuna mpanda umene ukumangidwa, ndipo ndinapeza mipanda itatu, yonse ya anthu ena.